Nthano ya Agogo ndi Mbaula: Kusankha Mawu Pophunzitsa

Tiyambe taŵerenga nthano iyi mokweza, monga mmene tidzaŵerengere pamaso pa ana.

Unali mwezi wa Juni, pamene chisanu cha m'mapiri a Tsangano chimaloŵa m'mafupa. Agogo analoŵetsa mbaula m'nyumba, natseka chitseko, natsekanso mipata ya pazenera ndi nsanza. "Gonani, adzukulu anga," anatero. "Makala apsa bwino, utsi watha."

Tambala woyamba asanalire, mdzukulu wamkulu anadzidzimuka mutu ukuphwanya. Poti aimirire miyendo inakana, ndipo anakwaŵa mpaka pakhomo natsegula. Mphepo itamuomba anakuwa kuti, "Agogo, dzukani!" Agogo anadzuka ali ndi chizungulire, koma mwana wamng'ono sanayankhe. Anansi anamutulutsira pabwalo, nathamangira naye kuchipatala, kumene anatsitsimuka.

"Koma utsi munalibe, mwanangu," Agogo anadandaulira namwino.

"N'zoona, agogo," anayankha namwino. "Chimene chimapha sichioneka, sichinunkha. Mbaula yoyaka isagone m'nyumba, ngakhale makala atafiira chotani."

Tsopano tiunike pamene ambirife timaphonya. Pofuna kupeputsa phunziro timauza ana kuti "utsi wa makala umapha". Tikatero tawaphunzitsa kulakwa kwa Agogo komwe, pakuti mwana adzaganiza kuti utsi ukatha ngozi yathanso. Mawu oyenera ndi "mpweya woipa wosaoneka". Dzina lake la sayansi, kaboni monokisaidi, ndiponso la m'Chipwitikizi, tiwapereke pambuyo, ana atamvetsa kale chinthucho m'chinenero chawo.

Ife eni tiyenera kudziŵa chimene chimachitika. Makala akamayaka m'chipinda chotseka, mpweya wabwino umachepa, ndipo moto umatulutsa mpweya woipawo wambiri. Ukaloŵa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu koposa mpweya wabwino, kupitirira ka 200, motero ubongo ndi mtima zimasoŵa chozichirikiza. Munthu wogona samva chenjezo lililonse, tulo take timangokula.

Tikatha kuŵerenga, tisathamangire kufunsa kuti nthanoyi ikutiphunzitsa chiyani. Ana amangoyankha zotikondweretsa. Tifunse kuti, "N'chifukwa chiyani mdzukulu uja anapeza mphamvu atafika pakhomo?" Wina adzati onsewo anadwala malungo. Tisamudzudzule, chifukwa mutu, mseru ndi kufooka zimafananadi. Timutsogolere aone yekha kusiyana kwake: anthu atatu adwala usiku umodzi m'chipinda chimodzi, matupi osatentha, ndipo ayamba kupezako bwino atatuluka panja.

Pomaliza ana aseŵere nthanoyi, akuchita zinthu mwa dongosolo lake: kutsegula chitseko, kutulutsa anthu, kuitana akuluakulu, kupita kuchipatala ngakhale odwala akuoneka kuti achira. Mwana woseŵera ngati Agogo asasekedwe. Ambiri m'kalasimo amaleredwa ndi agogo awo, ndipo madzulo omwewo ndi iwo amene adzakafotokoze nkhaniyi kunyumba.