Sizasi idikire kaye

Wofunsa: Amayi, onani uthenga uwu. Mtsikana wa kwathu kuno kwa Chiwalo, amene akugwira ntchito ku Limbe, ndamusokera diresi la pa chinkhoswe. Nditamutumizira chithunzi pa WhatsApp wayankha kuti, "Lili bwino ndithu, koma likuoneka lachigogo. Mulikonzeko pang'ono." Ndiye ndingolidula?

Mlangizi: Ikani pansi sizasiyo, mwanangu. Wanena kuti ndi lalitali?

Wofunsa: Ayi, koma chachigogo n'chiyaninso?

Mlangizi: Mwina kutalika, mwina khosi lotseka kwambiri, mwina manja ofika m'chigongono, mwinanso m'chiuno mosagwira. Munajambula lili pa hang'ala?

Wofunsa: Eya, ndinalipachika pachitseko.

Mlangizi: Diresi lopachika limagwa mowongoka ngati thumba, chiuno sichioneka. N'kutheka kuti wadana ndi chithunzi, osati diresi. Tsegulani chitsanzo chimene anakutumizirani poyamba, muyerekeze ndi lanulo. Zasiyana pati?

Wofunsa: Kutalika n'chimodzimodzi. Khosi lokha ndinalikweza ndi mainchi 2, poganiza kuti pa chinkhoswe pamakhala apongozi.

Mlangizi: Apo ndiye poyambira. Kasitomala akalankhula mozungulira, kawirikawiri amakhala akuloza pamene telala wasiya chitsanzo n'kuikapo nzeru zake. Mawu akuti "lili bwino ndithu" ndi ulemu chabe, pajatu inu ndinu wamkulu kwa iye. Sangakuuzeni maso ndi maso kuti mwalakwitsa.

Wofunsa: Ndimufunse kuti akufuna ndisinthe chiyani?

Mlangizi: Akuyankhani kuti "mungoona inuyo", mubwerere pomwe munali. Si telala iye, alibe mawu ake. Mupatseni zoti asankhe. Pezani mtsikana wa thupi longa lake alivale. Pindani khosi m'kati, mugwirize ndi mapini, mujambule. Kenako bwezerani khosi, mukweze mpendero ndi mapini, mujambulenso. Chithunzi chilichonse chisinthe chinthu chimodzi chokha, apo ayi simudziwa chomwe chamusangalatsa. Mukatero mufunseni kuti, "Choyamba kapena chachiwiri?"

Wofunsa: Nanga akakana zonse ziwiri?

Mlangizi: Mufunseni kuti ndani wina waonako chithunzicho. Nthawi zina mawuwo ndi a mnzake wa kuntchito kapena a mlamu wake, mwini wake alibe nalo vuto. Komanso muyambe ndi zobwezeka. Kubweza m'chiuno mukhoza kumasula mawa, bola musadule nsalu yotsala m'kati. Khosi mukalikumba silibwerera, ndipo chitenje cha maluwa omwewo mukhoza kuchisowa ngakhale ku Migowi.

Wofunsa: Akasankha khosi, ndidule basi?

Mlangizi: Mulembereni kaye kuti, "Nditsitsa khosi ndi mainchi 2, manja ndi kutalika sindikhudza, lituluka Lachisanu." Ngati pali ndalama yowonjezera, itchuleni mu uthenga womwewo. Akayankha ndi kachala kokweza kokha, muumirireni alembe kuti "eya". Asanalembe, diresilo musalikhudze.