Tizizindikiro Titatu Timene Tigwetsa Anthu Pamayeso

Anzanga, ife a ku Zakazaka kuno tili pafupi ndi likulu la MANEB, bungwe limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1987 kuti liziyendetsa mayeso m'dziko muno. Koma kukhala mu Zomba limodzi ndi bungweli sikutipatsa malikisi ayi. Munthu wochonga pepala lanu sakudziwani, ndiponso sangathe kukuitanani kuti mum'fotokozere chimene munafuna kunena. Iye aona chokhacho chimene cholembera chasiya papepala. Chifukwa chake ine ndifuna kukamba nanu za tizizindikiro titatu timene tivuta m'chimangirizo cha Chichewa: mpatuliro (,), nkhodolero (') ndi semikoloni (;). Kalikonse ka ito kali ndi ntchito yake, ndipo pali njira yoyesera ngati mwakaika pamalo pake.

Ndiyamba ndi nkhodolero, pakuti cholakwa chake chioneka msanga ngakhale wochonga asanamve nkhani yanu. Malamulo a kalembedwe amene titsata anayamba ndi bungwe loona za Chichewa limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchito yoyamba ya nkhodolero ili m'mawu monga "ng'ombe" ndi "ng'ona". Apa sipanachoke lembo lililonse. Chizindikirocho chionetsa liwu lotulukira m'mphuno. Mukalemba kuti "anyamata anaomba ngoma", mwanena za ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana, osati ng'oma ya pagule.

Ntchito yachiwiri ndiyo kuonetsa kuti lembo lachoka. "Mu" afupika nakhala "m'", monga "m'nyumba" ndi "m'munda". "Ndi" afupika nakhala "n'", monga "n'zoona" ndi "n'chiyani". Ambiri aiwala chizindikirochi, koma ena achimwaza paliponse, nalemba "m'tengo", "m'nyamata" ndi "n'sima". Yesani motere. Chotsani "m" ndipo muikepo "ku". "M'munda" asanduka "kumunda", ndipo awa ndi mawu enieni. Tsono nkhodolero ili bwino. "Mnyamata" asanduka "kunyamata", ndipo palibe munthu alankhula chotero. Tsono "m" ameneyu ndi wa dzinalo, safuna chizindikiro. Chimodzimodzi ndi "n": bwezeranipo "ndi". "Ndi zoona" amveka, koma "ndi sima" samveka, chifukwa chake tilemba "nsima". Pali mawu owerengeka amene sagonjera muyeso uwu, monga "m'bale" ndi "m'busa", m'mene chizindikirocho chitiuza kuti "m" atchulidwe payekha. Motero m'bale ndi munthu, mbale ndi chodyeramo, ndipo m'mbale ndi m'kati mwa chodyeramocho. Kumbukiraninso kuti m'Chingelezi nkhodolero ionetsa mwini chinthu, koma kwathu ntchito imeneyo siigwira. Ife tinena "buku la mphunzitsi" basi.

Tsopano mpatuliro. Ena anamva kuti mpatuliro uikidwa pamene munthu apuma. Lamulo limeneli lisocheretsa, pakuti wothamanga ndi wodekha sapuma pamalo amodzi. Ine ndiona kuti nkwabwino kudziwa malo ake enieni. Upatula zinthu za m'ndandanda: "Pamsika ndinagula tomato, usipa, mchere ndi sopo." Onani kuti "ndi" womaliza safuna mpatuliro patsogolo pake. Upatula dzina la munthu amene tili kulankhula naye. "Amangeni, apolisi!" ndi kupempha apolisi kuti amange akuba, koma "Amangeni apolisi!" ndi kulamula kuti apolisiwo amangidwe. Ukutanso mawu ongofotokozera pakati pa chiganizo, ndipo apa ifunika iwiri, wotsegula ndi wotseka: "Zomba, likulu lakale la dziko lino, ili patsinde pa phiri." Wolemba wotsegula yekha ali ngati munthu wotsekula khola osalitsekanso.

Koma cholakwa chimene aphunzitsi athu achilemba mzere wofiira kawirikawiri n'china. Ndicho kulumikiza ziganizo zathunthu ndi mipatuliro yokhayokha mpaka ndime yonse ikhala chingwe chimodzi. Muyeso wake ndi uwu: werengani mawu a kumanzere kwa mpatuliro paokha, kenaka a kumanja paokha. Ngati mbali zonse ziwiri ziima pazokha, mpatuliro wachepa mphamvu. Pafunika mpumiro, kapena mlumikizi monga "koma" ndi "chifukwa", kapena semikoloni.

Semikoloni ndi kadontho kokhala pamwamba pa mpatuliro, ndipo mphamvu yake ili pakati pa mpatuliro ndi mpumiro. Ilumikiza ziganizo ziwiri zathunthu zimene zikamba chinthu chimodzi: "Kuphiri kuzizira; ku Chilwa kutentha." Mawu otsata semikoloni ayamba ndi lembo laling'ono, pokhapokha ngati ndi dzina la munthu kapena malo. Ipatulanso ndandanda imene zigawo zake zili kale ndi mipatuliro: "Tinaphunzira za Zomba, likulu lakale; Lilongwe, likulu kuyambira mu 1975; ndi Blantyre, mzinda wa malonda." Mbali imodzi ikalephera kuima payokha, semikoloni yalakwika. "Mvula itatha; tinapita kumunda" si bwino, pakuti "mvula itatha" asiya womva ali kudikira. Pamenepo pafunika mpatuliro.

Tiyeni tiyese zonsezi pa ndime imodzi ya mtundu umene ambiri a ife tilemba:

"Loweruka tinakwera phiri la Zomba, tinanyamula chimanga mbatata ndi nthochi, titafika kudamu la Mulunguzi tinakhala pansi pa m'tengo, dzuwa linali kutentha, madzi a mdamu anali ozizira."

Muli mipatuliro inayi, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene uli pamalo pake. Itatu yoyamba ilekanitsa ziganizo zathunthu zonena zinthu zosiyana, tsono isanduke mipumiro. Wachinayi uli pakati pa kutentha kwa dzuwa ndi kuzizira kwa madzi, zinthu ziwiri zoyerekezedwa, tsono pamenepo semikoloni ikhala bwino. Pamene mpatuliro ufunikadi palibe: pakati pa "chimanga" ndi "mbatata", ndiponso atatha mawu akuti "titafika kudamu la Mulunguzi", amene sangaime paokha. Nkhodolero nayo yasinthana malo. "Kutengo" si mawu, koma "kudamu" ndi mawu. Ndime yokonzedwa ndi iyi:

"Loweruka tinakwera phiri la Zomba. Tinanyamula chimanga, mbatata ndi nthochi. Titafika kudamu la Mulunguzi, tinakhala pansi pa mtengo. Dzuwa linali kutentha; madzi a m'damu anali ozizira."

Takonza malo 8 popanda kusintha liwu ndi limodzi lomwe.

Pomaliza ndikupemphani kuti tsiku la mayeso musunge mphindi zisanu zowerengeranso chimangirizo chanu, ndipo muchiwerenge kawiri. Ulendo woyamba yang'anani mawu okha oyamba ndi "m", "n" ndi "ng", muwayese ndi "ku" ndi "ndi". Ulendo wachiwiri imani pa mpatuliro uliwonse, mufunse ngati mbali zake ziwiri ziima pazokha. Za semikoloni, palibe wochonga adzakulangani chifukwa simunaigwiritse ntchito. Ngati mukayika, ikani mpumiro ndi kuyamba chiganizo china ndi lembo lalikulu.

Wophunzira wa Fomu 4