Kufufuza malo pa mapu a pa foni: dzina lokha silikwanira

FUNSO: Alangizi, mwana wanga anandigulira foni yokhala ndi Google Maps. Mwezi wamawa ndikuperekeza mayi anga ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, koma mzindawo sindiudziwa bwino. Nditalemba Kamuzu panatuluka malo ambirimbiri, ena a ku Blantyre. Kodi malo enieni ndingawapeze bwanji, ndipo ndingadziwe bwanji kuti zimene foni ikunena ndi zoona? Ndine mayi wa ku Dedza.

YANKHO: Mapu a pa foni amayerekeza zilembo zimene munthu walemba ndi mayina onse amene anasungidwamo, kenako amaika patsogolo malo amene ali pafupi kapena odziwika kwambiri. Cholinga cha ulendo sachidziwa. M'Malawi dzina la Kamuzu lili pa chipatala, bwalo la ndege la ku Lumbadzi, bwalo la zamasewero la ku Blantyre, sukulu ya ku Mtunthama m'boma la Kasungu ndi malo enanso, choncho mapu sanalakwe potulutsa onsewo. Kusankha ndi ntchito ya mwini foni.

Pulogalamuyi ikatsegulidwa, pamwamba pamakhala kabokosi kolembedwa Search here. Dzina limalembedwa mmenemo, ndipo lizikhala lathunthu monga lilili pa chikwangwani cha pageti, kuwonjezerapo mzinda kapena boma. Pa ulendo uwu zolemba ndi Kamuzu Central Hospital Lilongwe. Zilembo zazikulu kapena zazing'ono zilibe kanthu. Munthu asanamalize kulemba, pansi pa kabokosi pamayamba kutuluka mayina, ndipo ambiri amalakwira pamenepa chifukwa amangogunda dzina loyamba. Pansi pa dzina lililonse pali kamzere ka zilembo zazing'ono kosonyeza msewu, dera kapena mzinda, ndipo kawirikawiri pambali pake pamakhala mtunda wa makilomita kuchokera pamene foni ili. Kamzere kameneka ndi kofunika kukawerenga kuposa dzina lenilenilo. Kuchoka pa boma la Dedza kufika ku Lilongwe ndi makilomita osafika 100, ndiye malo osonyeza makilomita 200 si a ku Lilongwe ndithu.

Vuto lina ndi la mayina amene anthu amatchula pakamwa. Ku Blantyre anthu amati akupita ku Gulupu, koma pa mapu dzina lodalirika ndi Queen Elizabeth Central Hospital. Ku Lilongwe achikulire ambiri amatchulabe Bottom ponena chipatala cha Bwaila. Mayina oterewa nthawi zina amapezeka, nthawi zina ayi, ndipo akapezeka mwina ali pa kagolosale kapena siteji ya minibasi imene inatengera dzinalo. Kalembedwe nako kamasokoneza: Chikwawa ndi Chikhwawa ndi boma limodzi, pamene Livingstonia wa ku Rumphi ndi Livingstone wa ku Zambia ndi malo otalikirana kwambiri. Dzina likakanika, ndi bwino kuyesa kalembedwe kena kapena kufupikitsa mawu. Kalata yotumizira wodwala ku chipatala china imakhala ndi dzina lenileni la chipatalacho, ndipo kukopera pamenepo kumachepetsa ntchito.

Dzina likasankhidwa, pa mapu pamaima kachizindikiro kofiira kosongoka pansi. Kadontho ka buluu kamasonyeza pamene pali foni, ndipo kamaoneka ngati Location yatsegulidwa pa foniyo. Asanachite china chilichonse, munthu atsine mapu ndi zala ziwiri kuti achepe, mpaka mayina a madera ozungulira aoneke. Chipatala chimene chikufunidwa pano chili m'kati mwa mzinda wa Lilongwe, pakati pa Old Town ndi City Centre. Kachizindikiro kakaima kumpoto kwa Kanengo, pafupi ndi Lumbadzi, ndiye kuti lasankhidwa ndi bwalo la ndege.

Pansi pa mapu pamatuluka tsamba la malowo, limene limatambasuka likakokedwa ndi chala kupita m'mwamba. Pamenepo pali dzina, mtundu wa malo, adiresi, nambala ya foni, nthawi yotsegulira, zithunzi ndi ndemanga za anthu. Mtundu wa malo ndi kamawu kamodzi kapena awiri pansi pa dzina, monga Hospital, Pharmacy kapena Bus stop. Pafupi ndi malo akuluakulu pamakhala timalonda tambiri totchulidwa ndi dzina lomwelo, choncho kamawu kameneka kamasiyanitsa chipatala ndi sitolo ya mankhwala ya tsidya la msewu. Dzina lokhala ndi mawu akuti Sponsored ndi la amene analipira kuti aonekere pamwamba, basi.

Zolembedwa pa tsambali zimachokera kwa anthu. Zina amalemba eni malo, zina amalemba ongodutsa, ndipo aliyense amene ali ndi akaunti ya Google angathe kupereka zosintha kudzera pa Suggest an edit. N'chifukwa chake nthawi yotsegulira iyenera kuwerengedwa mosamala. Open ndiye kuti n'kotsegula panopa, Closed n'kotseka, Temporarily closed atseka kwa kanthawi, ndipo Permanently closed anatsekeratu. Chipatala chachikulu chingalembedwe Open 24 hours, zimene ndi zoona kwa odwala mwadzidzidzi, komatu dokotala wa maso kapena wa mafupa ali ndi masiku ake oonera anthu, ndipo mapu sanena zimenezo. Masiku a tchuthi, monga pa 6 Julayi, nawonso sasinthidwa pa malo ambiri. Batani la Call limaimba nambala yolembedwapo, ndipo kuimba n'kumene kumatsimikizira. Wolandira foni akayamba kupempha kuti ndalama zitumizidwe pa foni munthu asanafike, nambalayo ikayikiridwe.

Nyenyezi zimachokera pa 1 kufika pa 5, ndipo pambali pake pali chiwerengero cha anthu amene anapereka maganizo. Nyenyezi 5 zochokera kwa anthu awiri sizinena zambiri, mwinanso ndi mwini malo ndi mlamu wake. Zothandiza ndi ndemanga zenizenizo pa gawo la Reviews, makamaka zikasanjidwa ndi Newest kuti zatsopano zikhale pamwamba. Ndemanga ya mwezi wathawu ndi umboni wakuti malowo akugwirabe ntchito, pamene ngati yomaliza ndi ya zaka zinayi zapitazo, mwina anasamuka kalekale. Pa Photos pofunika kufufuza chithunzi cha geti kapena chikwangwani, chifukwa chimenecho n'chimene maso adzafune potsika minibasi.

Pa malo otambalala ngati chipatala, kachizindikiro kofiira kawirikawiri kamaima pakati pa nyumba, osati pakhomo lolowera. Kabatani kokhala ngati mapepala osanjikizana, kumanja chakumwamba, kali ndi Satellite, imene imasonyeza madenga, mipanda ndi misewu monga zionekera kuchokera kumwamba. Pamenepo munthu amatha kuona mbali imene msewu ukulowera mumpanda.

Malo akatsimikizika, batani la Save limawasunga kuti asafufuzidwenso, ndipo Share imawatumiza pa WhatsApp kwa m'bale amene akadikire ku depoti. Directions imajambula njira ndi kuyerekeza nthawi, koma nthawiyo ndi ya galimoto yosaima, osati minibasi yodikira kudzaza. Kufufuza kawirikawiri kumafuna intaneti, choncho zonsezi zichitike usiku wake bandulo ikadalipo, ndipo tsamba la adiresi lijambulidwe pa foni momwemo kuti liwerengeke ngakhale netiweki itavuta panjira.