Kutsogolera Anzako Amene Unkasewera Nawo

Munthu ukasankhidwa kutsogolera anzako, chovuta choyamba ndi kugawa ntchito. Aliyense amadziwa kuti dzana lomweli unali mmodzi wa iwo, ndipo amene unkadya naye chimanga chootcha amayembekeza kuti umupatsa ntchito yooneka ndi anthu. M'mutu 21 wa Malamulo ake, Benedikito Woyera, amene anakhala m'zaka za m'ma 500, analamula kuti oyang'anira magulu a amonke khumikhumi asankhidwe poona khalidwe ndi nzeru, osati poona amene analowa kale. Ine ndaona kuti muyeso womwewo ndi wofunika pogawira anzathu ntchito.

Pa tchuthi cha Pasaka kwathu ku Nambuma, Bambo Mfumu anandiika kukhala mtsogoleri wa anyamata asanu ndi atatu otumikira pa Misa ya usiku wa Loweruka Loyera. Atatu mwa iwo tinaphunzira limodzi kupulaimale. Onse atatu ankafuna chofukizira lubani, pakuti wonyamula chimenechi ndiye amayenda patsogolo.

Ndisanayankhe aliyense, ndinalemba ntchito zonse papepala: mmodzi chofukizira, wina lubani, awiri kusonkha moto watsopano panja, wina kugwira buku ndi tochi poti mwambo umayambira mumdima, awiri makandulo, ndi wina belu. Lachitatu tinayeserera, ndipo aliyense anagwirako chofukizira onse akuona. Amene anatha kusunga makala osazima ndi kugwedeza osataya phulusa anali mnyamata wa Sitandade 7, osati mnzanga. Popeza onse anaona ndi maso, panalibe wonena kuti ndakondera.

Ntchito ya belu ndinaifotokoza mofatsa, chifukwa ambiri amaipeputsa. Belu limakhala chete kuyambira pa nyimbo ya Ulemu ya Lachinayi Loyera, ndipo limalira koyamba pa Ulemu wa usiku umenewu, mawerengo a Chipangano Chakale atatha. Woliza akasinza, tchalitchi chonse chimadziwa. Ndinapatsa mnzanga wodalirika ndi kumuuza chifukwa chake.

Mnzako akakhumudwa sanena. Amachedwa dala, kapena amayamba kukutchula kuti "abwana" anzake akuseka. Mmodzi anachita zimenezi Lachisanu Loyera. Sindinamuyankhe pagulu, poti pagulu munthu amateteza ulemu wake ngakhale akudziwa kuti walakwa. Anzathu atapita ndinamuuza kuti, "Achimwene, moto ukapanda kuyaka pa nthawi yake, kandulo ya Pasaka siyatsidwa, ndipo mpingo wonse udikira panja. Mudzafika nthawi yanji?" Anatchula yekha 5 koloko, ndipo anasungadi. Dandaulo limeneli sindinapite nalo kwa Bambo Mfumu. Akanachedwanso Loweruka, pamenepo ndikanawauza, iye ndili naye pomwepo.

Ine sindinadzipatse ntchito ya paguwa. Ndinaima pakhomo la sakristiya ndi makala ena oyaka m'mbaula, poti a m'chofukizira amazilala Uthenga Wabwino usanafike.