Kugawa Nthawi pa Mayeso Aatali Osankha Yankho

Ife amene tikuphunzira ntchito m'mawodi a chipatala cha boma cha Mzimba ndi cha Embangweni tikudziwa kuti namwino sakhalitsa pa bedi limodzi odwala ena akudikira. Pepala la mafunso osankha yankho limafunanso nzeru yomweyo. Ngati funso lililonse lili ndi malikisi ofanana, funso lovuta limene latidyera mphindi 5 latilanda mafunso osavuta pafupifupi 6.

Tiyerekeze kuti pepala lili ndi mafunso 100, nthawi ndi mphindi 120, ndipo tayamba 9:00. Mphindi 5 zoyambirira tiwerenge malangizo, makamaka ngati yankho lolakwika limachotsetsa malikisi. Kenako tidutse pepala lonse m'mphindi 80, kutanthauza masekondi 48 pa funso. Kuyang'ana wotchi pa funso lililonse kumasokoneza maganizo, choncho tiziiyang'ana kanayi kokha: pa 9:25 tikhale titafika funso 25, pa 9:45 funso 50, pa 10:05 funso 75, ndipo pa 10:25 funso 100.

Nanga tilumphe liti? Tikawerenga funso kawiri koma osaona poyambira, kapena tikaona kuti likufuna masamu, tilisiye. Tiike zizindikiro ziwiri zosiyana pa pepala la mafunso. Kuzunguliza nambala kutanthauze kuti njira yake tikuidziwa koma ikufuna nthawi, pamene mtanda utanthauze kuti nkhaniyo sitikuikumbuka.

Mwachitsanzo, funso 37 likuti wodwala alandire diripi ya mamililita 1,000 m'maola 8, pa chipangizo chotulutsa madontho 20 pa mililita. Madontho akhale angati pa mphindi? Ili ndi lozunguliza. Tikadzabwerera, tichulukitsa 1,000 ndi 20, n'kugawa ndi mphindi 480, ndipo tipeza pafupifupi madontho 42. Malikisi amenewa ndi athu ndithu, kungoti asatichedwetse poyamba.

Kuyambira 10:25 mpaka 10:50 tibwerere, kuyambira pa ozunguliza. Pa amtanda, tichotse mayankho oonekeratu kuti ndi olakwika, n'kusankha pa otsalawo. Mphindi 25 zimakwanira mafunso pafupifupi 20 okha. Choncho tikaona kuti talumpha oposa 5 mwa mafunso 25 oyambirira, ndiye kuti tikulumpha msanga, ndipo tiyambe kuyankha amene tikungowakayikira pang'ono.

Ngozi yaikulu ya kulumpha ili pa pepala la mayankho. Tikasiya funso 37 n'kulemba yankho la 38 pa mzere wa 37, mayankho onse otsatira asokonekera. Pa nthawi zinayi zija, tizifananiza nambala ya funso ndi ya mzere.

Mphindi 10 zomaliza tionetsetse kuti palibe mzere wopanda yankho, pokhapokha ngati kulakwa kumachotsetsa malikisi. Yankho tilisinthe pokhapokha tili ndi chifukwa chomveka, monga kuzindikira kuti tinaphonya mawu akuti "kupatula".