CHIFUKWA CHAKE MAWOTCHI A M'MAIKO AMASIYANA

Munthu wochokera ku Karonga kupita ku Tanzania amaoloka mlatho wa pa Songwe m'mphindi zowerengeka chabe. Koma ngati wotchi yake inali pa 9 koloko tsidya lino, tsidya linalo amapeza mawotchi onse ali pa 10 koloko. Akapanda kukonza wotchi yake, basi ya ku Mbeya ikhoza kumusiya iye ali kuganiza kuti nthawi ikadalipo. Kodi ola limeneli limapita kuti?

Chiyambi cha nkhaniyi ndi kuzungulira kwa dziko lapansi. Dzikoli ndi lobulungira, ndipo limazungulira kamodzi pa maola 24, kuchokera kumadzulo kunka kum'mawa. Mphunzitsi angathe kuonetsa ana zimenezi ndi lalanje ndi nyali m'chipinda cha mdima. Abaye minga iwiri pa lalanjelo, wina kum'mawa wina kumadzulo, nalitembenuze pang'onopang'ono. Ana adzaona kuti munga wa kum'mawa ndiwo uyamba kulowa m'kuwala. Momwemonso anthu a kum'mawa kumayamba kuwachera, a kumadzulo akali mtulo.

Olemba mapu anagawa kuzungulira konseko m'madigiri 360, najambula mizere yochokera kumpoto kukafika kum'mwera. Tsono 360 kugawa ndi 24 yankho lake ndi 15. Ndiye kuti pa ola limodzi dziko limatembenuka madigiri 15, ndipo digiri imodzi imatenga mphindi 4. Masamu onse a nkhaniyi ndi omwewa.

Kale mzinda uliwonse unali ndi nthawi yakeyake, pakuti dzuwa likafika paliwombo anthu ankati yakwana 12 koloko. Woyenda pansi sankavutika nazo. Koma zitabwera sitima za pamtunda ndi telegalamu, panabuka chisokonezo, popeza siteshoni iliyonse inali ndi wotchi yosiyana ndi inzake. Mu 1884 nthumwi za maiko 25 zinakumana ku Washington, ndipo zinagwirizana kuti mzere wodutsa pa Greenwich, ku London, ukhale poyambira kuwerenga madigiri. Pang'onopang'ono maiko anayamba kutchera mawotchi awo motsata mzerewo: madigiri 15 alionse kum'mawa awonjeza ola limodzi, kumadzulo achotsa ola limodzi.

Malawi amatsata nthawi ya mzere wa madigiri 30 kum'mawa. Pakuti mu 30 muli ma 15 awiri, wotchi ya kuno ili patsogolo pa Greenwich ndi maola awiri. Tanzania amatsata mzere wa madigiri 45, ndiwo maola atatu. Ola la pa Songwe lija lachokera pamenepa. Dzuwa la ku Karonga ndi la ku Mbeya limatuluka pafupifupi nthawi imodzi. Chasiyana ndi pangano la maboma basi.

Apa ndipo ambiri amasokera, poyesa kuti wotchi ndi dzuwa zimayenda pamodzi. Mzinda wa Blantyre uli pa madigiri 35, ndiko kuti madigiri 5 kum'mawa kwa mzere umene dziko lino limatsata. Madigiri 5 kuchulukitsa ndi mphindi 4 zikwana mphindi 20. Chotero ku Blantyre dzuwa limafika pamwamba penipeni cha m'ma 11:40, osati 12 koloko. Ana a sukulu angatsimikize okha. Azike ndodo yowongoka pabwalo losalala, nalembe pamene chithunzithunzi chake chathera mphindi khumi zilizonse kuyambira 11 koloko. Pamene chafupika koposa ndipo pakati pa tsiku. Asadabwe akapeza kuti nthawiyo imasunthasuntha ndi nyengo: kuchiyambi kwa Novembala imafulumira mpaka cha m'ma 11:24, ndipo mu Febuluwale imachedwa mpaka cha m'ma 11:54, chifukwa njira ya dziko pozungulira dzuwa si yobulungira ndendende, ndiponso dzikolo ndi lopendekeka.

Malire a nthawi pa mapu sawongoka, koma amakhotakhota motsata malire a maiko, pakuti boma lililonse limasankha nthawi yoyenera ntchito zake. Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa ali ndi nthawi imodzi ndi Malawi. Komabe Cape Town ali pa madigiri 18 okha, motero ngakhale mawotchi agwirizana, kumeneko dzuwa limafika pamwamba patapita ola lathunthu ndi mphindi zingapo chifikire ku Blantyre.

Amene ali ndi abale ku Britain asamale chinthu chimodzi. Kuyambira kumapeto kwa Malichi kufikira kumapeto kwa Okotobala, anthu a kumeneko amapititsa mawotchi awo patsogolo ndi ola limodzi. M'miyezi imeneyo, kuno ikakhala 8 koloko usiku ku London ndi 7 koloko. M'miyezi yotsalayo ndi 6 koloko.