Padzuwa kapena pamthunzi: nthawi yoyanula zovala

Aliyense amene anayendapo m'midzi ya ku Mitundu kapena ku Nathenje m'mwezi wa Okutobala akudziwa mmene pakhomo pamaonekera tsiku lochapa. Zitenje zili pawaya, mabulangete ali pampanda, timalaya ta ana tayalidwa pa udzu. Zimayanikidwa m'mawa anthu asanapite kudimba kapena kumsika, ndipo zimayanulidwa dzuwa litapendeka. Ife amene tinakulira kumeneko tinatengera chizolowezi chomwecho kukoleji: timayanika tisanalowe m'kalasi, n'kukumbukira zovalazo tikuchokera ku chakudya chamadzulo. Kenako timadandaula kuti nsalu za masiku ano sizilimba.

Tiyeni titenge chitenje chimodzi cha thonje tichitsatire. Tinene kuti chimachapidwa kawiri pa sabata, n'kuyanikidwa 8 koloko m'mawa, n'kuyanulidwa 5 koloko madzulo. Nyengo yotentha, nsalu yopyapyala ngati imeneyi ikafinyidwa bwino imauma maola 2 asanathe. Ndiye kuti pa maola 9 amene yakhala pawaya, maola 7 yangopsa ndi dzuwa popanda chifukwa. Pa sabata ndi maola 14, ndipo pa chaka amakwana 728. Vuto lalikulu lagona pa maola owonjezera amenewa.

Chimene chimawononga nsalu kwenikweni ndi mbali ina ya kuwala kwa dzuwa imene maso athu saiona, yomwe pa nkhani za nyengo pafoni imalembedwa kuti UV. Kuno kwathu kuwala kumeneku n'kwamphamvu chifukwa boma la Lilongwe lili pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja zamchere, komanso dzuwa limadutsa paliwombo penipeni chakumapeto kwa Okutobala ndiponso mu Febuluwale. Mitambo yopyapyala sikutchinga kwenikweni, choncho tsiku la mitambo ya apo ndi apo si mthunzi ayi.

Choyamba kuonekera ndi mtundu. Kuwalako kumaphwanya pang'onopang'ono utoto umene unalowetsedwa mu ulusi, ndipo utoto ukaphwanyika subwereranso. Tingadziwe bwanji kuti chitenje chasuluka ndi dzuwa osati ndi sopo? Sopo amasulutsa nsalu yonse mofanana. Dzuwa limasankha. Tambasulani chitenje chimene chimakolekedwa pawaya nthawi zonse mbali imodzimodzi: mupeza mzere wotuwa pakati, pamene chimapindikira, ndipo nkhope imene imayang'ana kunja yazilala kuposa inayo. Pa malaya, pindulani kolala kapena suzumirani m'kati mwa thumba, muona mtundu umene malayawo anabwera nawo. Ogulitsa kaunjika pamsika wa Mitundu amazidziwa zimenezi. Jekete yakuda imene yakhala ikukolekedwa panja masiku ambiri a msika imafiirira m'mapewa, ndipo wogula wochenjera amayambira pomwepo kutsitsa mtengo.

Kulimba kwa ulusi kumatha mobisika. Ulusi wa thonje uli ngati timaunyolo tating'onoting'ono tolukanalukana, ndipo kuwala kuja kumatidula pang'onopang'ono, makamaka nsalu ikakhala ndi sopo wotsalira. Nsaluyo imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku limene mayi akumanga mwana kumbuyo n'kumva kuti kwee! Ikang'ambika mowongoka motsatira mzere wotuwa uja, popanda msomali kapena minga imene yaikola, yathetheka ndi dzuwa, ndipo kusoka sikuthandiza chifukwa singano imang'ambanso pambali pake. Komabe ulusi umasiyana. Thonje limapirira ndithu, poliyesitala amapirira koposa, koma nayiloni ndi lasitiki wa m'chiuno mwa zovala zam'kati sizichedwa kufooka. Amene anasiyapo thumba la feteleza panja chilimwe chonse, n'kulipeza likuyoyoka ngati ufa, anaona ntchito yomweyi ikuchitika mofulumira.

Nanga kuuma gwa kuja, thaulo kukhakhala ngati chikumba? Apa dzuwa timalinamizira pang'ono. Thonje likamauma lili duu osagwedezeka, timaulusi take timamatirirana mmene tinagonera tili tonyowa. Padzuwa lamphamvu tsiku lopanda mphepo zimenezi zimachitika msanga, n'chifukwa chake timati dzuwa ndilo laumitsa. Koma thaulo lomwelo likauma pa mwera wa mu Julaye likukupizika, limatuluka lofewa. Chowonjezera china ndi madzi. Pali mijigo ndi zitsime zina zimene madzi ake sachititsa sopo thovu. Mchere wa m'madzi oterowo umagwirana ndi sopo n'kutsalira mu nsalu. Mankhwala ake ndi kuchepetsa sopo, kutsukuluza mpaka madzi ayere, kukutumula chovalacho mwamphamvu musanayanike, n'kuchikutumulanso poyanula. Ubwino wake kukhakhala kumatha chovala chikanyowanso. Kusuluka ndi kuthetheka ndiko sikuchira.

Wina anganene kuti basi tizingoyanika pamthunzi. Tisafulumire. Mthunzi umasunga mtundu ndi ulusi, koma uli ndi zake. Nthawi ya mvula, jinzi yoyanikidwa m'chipinda chotseka imatha kugona yonyowa mpaka mawa, ndipo imayamba fungo la chinyontho, kenako timadontho takuda ta nkhungu timene sititha ndi sopo. Nkhungu nayonso imadya thonje. Choncho mthunzi wothandiza ndi umene mphepo imadutsa, monga pakhonde, kapena m'chigafa chikakhala chopanda kanthu.

Choopsa kuposa pamenepa ndi ntchentche ya mphutsi. Imeneyi imapewa dzuwa lowala, imaikira mazira pa dothi louma la pamthunzi ndi pa zovala zonyowa, makamaka zonunkha mkodzo kapena thukuta. Mazirawo amaswa pasanathe masiku 3, ndipo kamphutsi kamaboola khungu la wovalayo n'kumakulira momwemo kwa masiku 8 mpaka 12. Chimatuluka ndi chotupa ngati chithupsa, chokhala ndi kabowo pakati, ndipo mwana amalira kuti muli china chikuyenda. Malo amene ntchentcheyi imawakonda ndi omwe ife timawaona ngati abwino: pansi pa mtengo wa mango, pa udzu, nthawi ya dzinja. Chovala chilichonse chimene chaumira panja pamthunzi, makamaka matewera ndi zam'kati, chisitidwe ndi simbi yotentha bwino mbali zonse ziwiri, osaiwala m'misoko.

Tikabwerera ku chitenje chathu chija, tingachite motere. Titembenuze mbali yowala kwambiri ikhale m'kati, tichikoleke pawaya osati pansi, ndipo tizisinthasintha malo opindira kuti mzere usamagwere pamodzimodzi. Chikhale padzuwa la m'mawa mpaka chiume, kenako chilowe m'nyumba 10 koloko isanapitirire kwambiri, chifukwa kuyambira pamenepo mpaka cha m'ma 3 koloko ndi pamene kuwala kuja kumalusa. Ngati palibe wotsala pakhomo woti ayanule, chiyanikidwe pakhonde kuyambira pachiyambi, madzulo n'kuchisita. Zoyera, monga mashiti a pabedi, matewera ndi malaya oyera a yunifolomu, zingathe kukhala padzuwa la masana, popeza kwa izo kusulutsa kuja ndiko kumachotsa zothimbirira, koma nazonso zikauma zichoke.

Amene akukayika ayese yekha. Dulani chitenje chakale tizidutswa 3 tofanana. Kena mukabise m'sutikesi, kena mukakoleke pakhonde, kotsalako mukamangirire pawaya wa padzuwa. Pakatha milungu 6 mutiyale pamodzi pa pepala loyera muone mitundu yake, kenako mutcheke pang'ono m'mphepete mwa kalikonse ndi lumo n'kukoka ndi manja, mumve kamene kayambe kugonja.